Kafukufuku wa zinyalala m'tauni: mufike bwanji pakhomo, mufunse ndani, mufunse motani?

Tsiku lina tikuyesa mafunso mu tauni ina yothithikana ya m'mbali mwa mtsinje, tinakhala pakhonde la mayi wina amene anatilandira bwino, natiyalira mkeka. Pambali pathu panakhala abuloko lida amene anatiperekeza. Mnzanga anawerenga funso loyamba: "Kodi mukugwirizana nazo kuti kutaya zinyalala mumtsinje n'koipa?" Mayi aja anati, "Kwambiri, bambo. Kolera amayamba choncho." Akulankhula choncho, kamtsikana kanatuluka kuseri kwa nyumba katasenza ndowa ya phulusa ndi makoko a chimanga, kakulunjika kumtsinje. Mayi aja sanatiname. Tinawafunsa chimene chili choyenera, iwo n'kutiuza chimene chili choyenera. Olakwa tinali ife, ndipo tinalakwa patatu: funso lathu, munthu amene tinafika naye, ndi momwe khomolo linasankhidwira, poti anatisankhira ndi abuloko lida omwewo.

Anthu ambiri akamakonza kafukufuku wotere amada nkhawa ndi chiwerengero, kuti afunse anthu angati. Ine ndimaona kuti chiwerengero ndi nkhani yopepuka. Chimene chimapha kafukufuku wa zinyalala ndi njira imene mwafikira pakhomo. Choncho ndiyerekeza njira zimene zilipo, pogwiritsa ntchito dera limodzi longoganizira: dera ngati la ku Ndirande m'mbali mwa Nasolo, kapena ku Mtandire m'mbali mwa Lingadzi, lokhala ndi mabanja 3,200, ndipo mabanja 800 mwa amenewa ali kufupi ndi mtsinje. Funso limene mukufuna kuyankha n'lakuti: anthu amataya kuti zinyalala, amaganiza zotani za njira zotayirazo, ndipo angalole kulipira munthu wodzatenga pakhomo?

Chiwerengero choyamba

Ngati mabanja asankhidwa mwamaere, banja lililonse lili ndi mwayi wofanana, masamu ake ndi awa:

```
n = 1.96^2 * p * (1 - p) / e^2
  = 3.84 * 0.5 * 0.5 / 0.05^2
  = 384
```

Apa n ndi chiwerengero cha oti mufunse, 1.96 ndi nambala yokhazikika yopereka chitsimikizo cha maperesenti 95, p ndi gawo la anthu amene mukuganiza kuti ayankha inde, ndipo timaika theka chifukwa ndi pamene pamafunika anthu ambiri. e ndi kuphonya kumene mwalola, maperesenti 5 kumtunda kapena kumunsi. Popeza dera lathu ndi laling'ono, 384 amatsika kufika pa 343. Muonjezerepo oti akana ndi oti simuwapeza, tinene banja limodzi pa khumi alionse, mufika pa 381. Ingonenani 400.

Koma 400 ameneyu ali ndi tanthauzo pokhapokha ngati anasankhidwa mwamaere. Mukafunsa anthu 400 amene mwangokumana nawo, simungalembe kuti kuphonya kwanu ndi maperesenti 5. Ndaona malipoti ambiri a ophunzira oyamba ndi masamu amenewa, kenako n'kunena kuti mafunso anagawidwa kwa "anthu amene anapezeka." Masamuwo pamenepo asanduka chokongoletsa chabe.

Njira zachidule zitatu

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kutumiza mafunso pa foni, m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi, a banki nkhonde ndi a m'dera. Mawa lake mumakhala muli ndi mayankho mazana. Koma ayankha ndi amene ali ndi foni yaikulu ndi bando, odziwa kuwerenga bwino, amenenso nkhani ya zinyalala inawakhudza kale mpaka kutsegula uthengawo. Mayi wa lendi wa m'mphepete mwa mtsinje, amene foni yake ndi ya mabatani, simumumva. Njira imeneyi ndi yabwino pofufuza mawu amene anthu amagwiritsa ntchito ndi madandaulo amene alipo musanalembe mafunso enieni. Siingakuuzeni kuti ndi angati.

Yachiwiri ndi kuimirira pamsika kapena pachigayo n'kumafunsa odutsa. Imaposa ya foni chifukwa mumakumana ndi osauka omwe, koma ambiri pamsika si a m'deralo, ndipo wofunsa amasankha nkhope zomwetulira. Ngati kafukufuku wanu ndi wa zinyalala za pamsika pomwepo, ogulitsa ali ndi mabenchi oti mungawawerenge n'kusankha bwinobwino. Ngati ndi wa makomo, pamsika si malo ake.

Yachitatu ndiyo imakopa kwambiri: kupempha amfumu kapena abuloko lida kuti aitanitse msonkhano, kapena akulozereni makomo. Imathamanga, imaoneka yaulemu, ndipo palibe amene amakukanani. Kusakanako ndiye chizindikiro choti pali vuto. Amene amabwera kumsonkhano wa amfumu kawirikawiri ndi eni mapoloti ndi okhalitsa, pamene alendi amene angobwera kumene sadziona ngati msonkhanowo ndi wao. Ndipo mtsogoleri aliyense amafuna dera lake lioneke bwino, kapena lioneke lovutika kwambiri ngati akuganiza kuti kukubwera thandizo. Konse kuwiri, wakusankhirani mayankho. Kwa amfumu mupiteko ndithu, simungalowe m'dera popanda iwo kudziwa. Akulozereni malire, alengeze kuti kukubwera alendo. Kusankha makomo kukhale kwanu.

Kuyenda mowerenga makomo

Pali njira imene ambiri amaiyesa ya maere: kuima pakati pa dera, kuzunguza botolo, n'kutsata kumene laloza, kulowa nyumba yachisanu iliyonse. M'malo a mizere yoongoka ngati ku Area 18 imayendako bwino. M'dera lothithikana mulibe mizere. Muli tinjira todutsa pakati pa bafa ndi chimbudzi cha eni ake, ndipo nyumba zina khomo lake lili kuseri kwa nyumba inzake. Wofunsa akafika pamphambano ya tinjira amasankha kouma, kopanda galu, kosanunkha. Sachita dala, ndi miyendo chabe. Potero nyumba za kumtsinje, zimene kafukufuku wa zinyalala akuzifuna kwambiri, ndi zimene zimatsala. Mukafuna kudziwa ngati izi zachitika, ikani pamapu malo onse amene anafunsidwa. Mukaona timadontho tandandana m'mbali mwa msewu ngati mikanda, dziwani kuti ofunsa anu anayenda kumene kunali kosavuta.

Kulemba mndandanda wonse

Njira imene ndimaikhulupirira m'dera la kukula kotere ndi kulemba kaye mabanja onse. Mugawe dera m'zigawo zokhala ndi malire ooneka, monga msewu, ngalande, mpanda wa sukulu. Ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba ili ndi mapu a tizigawo timene inagwiritsa ntchito pa kalembera wa 2018, ndipo ndi poyambira pabwino, koma musadalire ziwerengero zake zokha. M'matauni nyumba zimamera mvula iliyonse.

Apa pali msampha wa poloti. Poloti limodzi likhoza kukhala ndi alandilodi ndi mabanja asanu ndi limodzi a lendi, onse dzala limodzi, chimbudzi chimodzi. Mukalemba mapoloti n'kumafunsa munthu mmodzi pa poloti, mudzapezeka mukucheza ndi alandilodi okhaokha, chifukwa ndi amene amatuluka kukabwera alendo. Lembani mabanja, ndipo banja ndi anthu odyera mphika umodzi. Pa mndandanda sipafunika maina. Nambala ya poloti, nambala ya chitseko kuyambira kumanzere, ndi chizindikiro monga "chitseko chobiriwira kuseri kwa okala" n'zokwanira.

Mukamaliza, sanjani mndandandawo motsata malo, kuyambira kumtsinje kukwera kumsewu. Gawani 3,200 ndi 400, mupeza 8. Sankhani nambala yoyambira pakati pa 1 ndi 8 mwamaere, kaya ndi timapepala m'chipewa kapena pakompyuta mu Excel:

```
=RANDBETWEEN(1,8)
```

Itatuluka 3, mutenga banja nambala 3, 11, 19, 27, mpaka kumapeto. Ubwino wosanja motsata malo ndi woti a kumtsinje 800 aja amakupatsani mabanja 100 popanda kuchita china chilichonse, ndipo otsalawo amapereka 300. Kumbukirani kuti mukamalankhula za a kumtsinje okhaokha, muli ndi anthu 100, ndiye kuphonya kwake kuli pafupi maperesenti 10. Ngati cholinga chachikulu ndi kufananiza kumtsinje ndi kumtunda, tengani 200 uku 200 uko, koma pophatikiza zotsatira za dera lonse muyenera kuchepetsa kulemera kwa a kumtsinje, chifukwa mwawatenga mopitirira gawo lao.

Mtengo wake ndi masiku. Anthu asanu ndi atatu oyenda awiriawiri, gulu lililonse likamalemba mabanja 100 patsiku, amaliza mndandanda m'masiku 8. Kufunsa kwenikweniko, munthu aliyense makomo 6 patsiku, ndi masiku ena 9. Ndiye kuti kulemba mndandanda kumawirikiza pafupifupi kawiri ndalama za kumunda. Apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo.

Kusankha zigawo zochepa

Ngati ndalama sizikwana, kapena kafukufuku ndi wa mzinda wonse wa Blantyre kapena Mzuzu, simungalembe aliyense. Mumasankha tizigawo mwamaere, chigawo cha mabanja ambiri chikhale ndi mwayi waukulu, n'kulemba mndandanda m'tizigawo tosankhidwato basi. Ndi momwe akafukufuku akuluakulu a dziko lonse amachitira.

Koma pankhani ya zinyalala njira imeneyi imaluma kuposa pankhani zina, chifukwa oyandikana amataya mofanana. Ngati pali sikipi pafupi, onse amapita kusikipi. Ngati kuseri kuli chigwembe, onse amataya m'chigwembe. Kufunsa makomo 40 a pamalo amodzi kuli ngati kufunsa sikipi imodziyo maulendo 40. Masamu ake ndi awa, m ndi makomo pa chigawo chilichonse, r ndi kufanana kwa oyandikana, d ndi nambala imene mugawe nayo mafunso anu kuti mupeze mphamvu yake yeniyeni:

```
d = 1 + (m - 1) * r
```

Tingoyerekeza kuti r ndi 0.1. Mukatenga zigawo 10, makomo 40 chilichonse, d ndi 4.9, ndiye kuti mafunso anu 400 ali ndi mphamvu ya mafunso 82 okha, ndipo kuphonya kwafika pa maperesenti 11. Mukatenga zigawo 40, makomo 10 chilichonse, d ndi 1.9, mphamvu yake ndi ya mafunso 210, kuphonya kuli pafupi 7. Mapepala ndi omwewo 400, ndalama ya ofunsa yomweyo, kusiyana kwangokhala kuyenda. Zigawo zambiri zazing'ono zimaposa zigawo zochepa zazikulu, ngakhale ofunsa adzadandaula miyendo.

Njira iliyonse mwa ziwirizi imagwa ndi chinthu chimodzi: kulowetsa khomo lina m'malo mwa losankhidwa. Wofunsa wafika pa banja nambala 19, wapeza loko, n'kugogoda pa nambala 20 pamene pali mayi akuchapa. Akachita zimenezi sabata yonse, mwafunsa okhala pakhomo masana okhaokha, ndipo ogwira ntchito m'tauni, amenenso mwina ndiwo angathe kulipira, mulibe. Lamulo likhale loti khomo lotseka mulibwerere katatu, kamodzi madzulo kapena Loweruka, ndipo likakanika mulilembe kuti lakanika. N'chifukwa chake tinaonjezera chiwerengero poyamba paja.

Pakhomopo mufunsa ndani

Pali atatu oti musankhepo. Mutu wa banja ndiye amadziwa za ndalama, koma nthawi zambiri sadziwa kumene ndowa ya dzulo inapita. Amene amasesa ndi kusonkhanitsa zinyalala, kawirikawiri mayi kapena mtsikana wamkulu, amadziwa zochitika zenizeni. Wachitatu ndi munthu wamkulu aliyense wosankhidwa mwamaere pakati pa a m'banjamo, njira imene Leslie Kish anaikonza mu 1949 ndipo ikugwirabe ntchito.

Kusankha kwake kumatsata funso lanu. Ngati mukufuna kudziwa zimene mabanja amachita, funsani wosamala zinyalala, ndipo polemba lipoti munene kuti "mabanja," osati "anthu." Ngati mukufuna maganizo a anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire, chitani maere, apo ayi mudzalemba maganizo a amayi n'kuwatcha a dera lonse. Pa chitsanzo chathu ine ndingafunse wosamala zinyalala, kenako pa funso la malipiro n'kuonjeza lakuti, "Ndalama yotere akanavomereza kuti ituluke ndani pakhomo pano?" Onyamula ndowa enieni nthawi zambiri ndi ana, koma aliyense wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo ndi kuvomera kwa iye mwini, komanso mwana akhoza kukalipiridwa mukachoka chifukwa choulula za kumtsinje. Asiyeni ana.

Kafunsidwe

Tibwerere kwa mayi a pakhonde aja. Aliyense m'Malawi muno akudziwa yankho "labwino" pa zinyalala. Anthu anamva mauthenga a kolera wa 2022 ndi 2023, amamva za tsiku losesa limene linakhazikitsidwa mu Novembala 2020, amadziwa kuti majumbo opyapyala analetsedwa. Funso lililonse loyamba ndi "Kodi mukugwirizana nazo kuti" limangoyesa ngati munthu anamvera wailesi. Onjezerani ulemu wathu, woti mlendo wakhala pamkeka wako sumutsutsa, ndiye mupeza pafupifupi onse akuvomera chilichonse, ngakhale ziganizo ziwiri zotsutsana.

Makwerero a mayankho asanu aja, kuyambira "sindikugwirizana nazo mpang'ono pomwe" mpaka "ndikugwirizana nazo kwambiri," amayenda bwino papepala la munthu wodziwerengera yekha. Powerengera munthu mokweza, pofika lachisanu waiwala loyamba. Ngati mukuwafunabe, dulani pawiri: funsani kaye ngati akugwirizana nazo kapena ayi, kenako mufunse "pang'ono kapena kwambiri?"

Njira yabwino kuposa imeneyi ndi kuika maganizo awiri patsogolo pake, onse omveka ngati a munthu wanzeru. "Ena amati kuchotsa zinyalala ndi ntchito ya khonsolo chifukwa anthu amalipira misonkho. Ena amati banja lililonse lizilipira wodzatenga pakhomo. Inu muli mbali iti?" Palibe mbali yochititsa manyazi, ndipo kuvomera chabe sikuthandiza, ayenera kusankha.

Pa zochita, musafunse kuti "mumataya kuti," chifukwa mawu oti "mumataya" amaitana yankho la tsiku labwino. Funsani za ulendo womaliza: "Ndowa kapena thumba la zinyalala litadzadza komaliza, anakalitaya ndani, ndipo anakataya kuti?" Ndipo musaphatikize zinyalala zonse m'funso limodzi. Banja lomwelo limapatsa nkhuku zotsala za nsima, limathira phulusa la mbaula m'chimbudzi kapena pamaenje a mumsewu, limayatsira moto majumbo, limagulitsa zitsulo ndi mabotolo, koma matewera otaya a mwana limakawataya usiku kumene palibe amene akuona. Funsani mtundu uliwonse pawokha, ndipo za matewera ndi zovala za kumwezi zibwere kumapeto, afunse ndi mayi mnzawo. Mayankho oti musankhepo akhale a m'deralo: kudzala la pakhomo, kuotcha, kusikipi, kungalande, kumtsinje, pamalo opanda nyumba, kupatsa mnyamata wa wilibala. Wa wilibalayu musamuiwale, ndipo mufunsenso ngati akudziwa kumene amakataya. Mabanja ambiri amalipira kale waganyu wotere, ndipo zinyalalazo sizifika kumtaya wa ku Mzedi kapena wa ku Area 38, zimatsikira pamlatho wapafupi. Banja limayankha moona mtima kuti silitaya mumtsinje, koma zinyalala zake zili mumtsinje.

Pamalipiro pali njira zitatu. Kufunsa kuti "mungalipire zingati" kumabweretsa ziro kwa oganiza kuti mukudzaika mtengo, ndi ndalama zazikulu kwa ofuna kukusangalatsani. Kutchula mtengo umodzi, monga K2,000 pamwezi, n'kufunsa inde kapena ayi, n'kwabwinoko, makamaka mukasinthasintha mtengowo mwamaere pakati pa makomo, ena K1,000, ena K2,000, ena K3,000, kuti muone pamene ovomera ayamba kuchepa. Koma chodalirika kuposa zonse ndi ndalama imene akulipira kale: "Mwezi wathawu munapereka zingati kwa wotaya zinyalala?" Lembaninso mwezi umene munafunsa, chifukwa kwacha itagwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, mitengo ya m'malipoti akale inasanduka nthano. Mweziwo ndi wofunikanso chifukwa cha nyengo: nthawi ya mango ndi chimanga chachiwisi zinyalala zimachuluka, ndipo m'dzinja ngalande yoyenda madzi imakopa anthu amene m'chilimwe amaotcha.

Pomaliza pemphani kuona: "Mungandionetse pamene mumasunga zinyalala?" Wofunsa alembe zimene waona, kaya dzala, thumba, phulusa la moto waposachedwa. Akakana, basi, osakakamiza. Kusiyana kwa zonena ndi zooneka ndi chimodzi mwa zotsatira zanu.

Mafunsowo muwalembe m'Chichewa kuyambira pachiyambi, kapena m'Chitumbuka ngati ndi ku Mzuzu, osati kusiyira wofunsa aliyense kuti azimasulira yekha pakhonde. Ofunsa asanu ndi atatu omasulira okha ndi mafunso asanu ndi atatu osiyana. Muwayese pa makomo 20 a dera lina lofanana, ndipo mufunse woyankha kuti, "Funso limeneli mwalimva kuti likufunsa chiyani?" Kucheza kusapitirire theka la ola, poti ndiwo zili pamoto.

Za pepala kapena foni sindichulutsa. Pepala silitha batire, koma wina ayenera kulowetsa mapepala 400 m'kompyuta, ndipo zolakwa zimalowera pamenepo. KoboToolbox ndi ODK, zida zofunsira mafunso pafoni, zimagwira ntchito popanda netiweki, zimalumpha zokha mafunso osayenera, ndipo zimasunga nthawi imene kucheza kunayamba ndi kutha. Nthawiyo ndi imene imagwira wofunsa wodzaza mafunso ali pansi pa mtengo: kucheza kwa mphindi 25 iye akumaliza mu mphindi 7. Gulani mapawabanki, sindikizani mapepala ochepa osungira, ndipo woyang'anira abwerere ku khomo limodzi pa khumi alionse kukafunsanso mafunso atatu osasintha, monga chiwerengero cha anthu m'banjamo.

Chilolezo cha maofesi ndi chilolezo cha mwini khomo

Musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe, ndondomeko yanu, mafunso ndi pepala la chilolezo ziyenera kudutsa ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa. Kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu ngati ameneyu amapita ku komiti ya NCRSH, imene ili pansi pa bungwe la boma loona za sayansi la NCST, kapena ku komiti ya yunivesite yanu ngati ili nayo yovomerezeka, monga UNIMAREC ya University of Malawi ku Zomba. Ngati kafukufukuyo walowerera kwambiri ku matenda, monga kufunsa za kutsekula m'mimba kwa ana, ndi nkhani ya makomiti a zaumoyo monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Perekani msanga, chifukwa komiti siivomereza kafukufuku amene wachitika kale. Kenako kalata ya khonsolo, kenako amfumu. Koma zidindo zonsezi zimangokulolani kufika pakhomo. Wolola kufunsidwa ndi mwini wake, ndipo ayenera kumva momveka kuti akakana palibe chimene chimuchitikire.

Kafukufuku wa zinyalala amaoneka wosaopsa, koma mukufunsa munthu kuti aulule zinthu zimene malamulo a mzinda amaletsa, komanso kuti adandaule za alandilodi amene angamutulutse kumapeto kwa mwezi. Choncho kuvomera kwake mungakusunge bwanji? Kusaina ndi kumene makomiti anazolowera, ndipo n'kosavuta kuonetsa. Kudinda chala, pali mboni imene woyankhayo wadzisankhira, ndi kwa amene salemba. Koma taganizirani: mwangomuuza munthu kuti dzina lake silidziwika, kenako mukumupempha chala. Ena amaopa, ena amaganiza kuti alembedwa pa Mtukula Pakhomo, ndipo onse awiri sayankhanso momasuka. Njira yachitatu ndi kuvomera pakamwa, wofunsa n'kulemba kuti wawerenga zonse ndipo munthuyo wavomera. Pa kafukufuku wopanda maina ndimaikonda imeneyi, chifukwa pepala losainalo ndi lokhalo likanalumikiza munthu ndi mayankho ake. Koma simungaisankhe panokha, muipemphe ku komiti n'kufotokoza chifukwa. Akakana, sungani mapepala osainawo kwina, mayankho kwina, zolumikizidwa ndi nambala yokha. Njira iliyonse, musiyireni kapepala kokhala ndi nambala ya foni ya woyang'anira ndi ya komiti.

Mawu oyamba pakhomo anene zinthu zitatu poyera: sitinachokere ku khonsolo kudzalipiritsa munthu, sitikulemba maina a thandizo, ndipo sitikulonjeza sikipi. Lachitatuli ndi limene ofunsa amaliphwanya kawirikawiri, chifukwa mawu oti "mwina zinthu zisintha" amatsegula zitseko. Ngati kafukufukuyo walipiridwa ndi khonsolo kapena kampani yotola zinyalala, nenani zoona, koma onjezani kuti iwo adzalandira ziwerengero za dera lonse, osati za khomo. Ndipo zikhaledi choncho. Foni imasunga malo enieni a nyumba, ndiye fayilo yokhala ndi malowo pamodzi ndi yankho loti "kumtsinje" ndi mndandanda wa anthu oti alipitsidwe. Malowo agwire ntchito yoyang'anira ofunsa basi, kenako muwachotse musanapereke fayilo kwa wina aliyense. Zithunzi za dzala zisaonetse nkhope kapena nyumba yodziwika.

Woperekeza, kaya ndi abuloko lida kapena alangizi a zaumoyo, akufikitseni pa chigawo n'kubwerera. Alangizi ndi anthu othandiza kwambiri, amadziwa kanjira kalikonse, koma ndi omwewo amayendera makomo kuona ngati pali dzala ndi chimbudzi, ndiye palibe amene anganene pamaso pao kuti amataya m'ngalande. Chimodzimodzi wofunsa asafunse m'dera limene amakhala. Wa lendi mucheze naye pamene alandilodi sakumva, ngakhale zitatanthauza kusuntha mpando kupita kuseri.

Nanga kangachepe kothokoza? Kusapereka kanthu n'kololedwa pa kucheza kwa mphindi 25 ngati komiti yavomera, koma mayi amene wasiya mandasi pamoto wataya kanthu. Ndalama imathamangitsa mbiri, ndipo pofika tsiku lachitatu makomo osasankhidwa amayamba kukuitanani, ena kukwiya kuti amfumu awadumpha. Sopo wamtanda ndi wapakati, ndipo aperekedwe kwa aliyense amene wayamba kucheza, ngakhale atasiyira panjira. Musapereke bini kapena matumba a zinyalala, chifukwa mwawauza kale yankho limene mukulifuna. Za odumphidwawo, chithandizo chake ndi kuchita maere aja poyera. Patsiku lokaonana ndi amfumu, tengani timapepala 8 m'chipewa, mwana atole kamodzi anthu akuona, ndipo mufotokoze kuti kuyambira pa nambala imeneyo muzidumpha makomo asanu ndi awiri n'kulowa lachisanu ndi chitatu. Mayi wa pa nambala 20 akadzafunsa chifukwa chake mwalowa kwa aneba ake osati kwa iye, amamuyankha ndi anzake amene analipo tsiku la chipewa.